Kasitomala akati mwadulitsa: zoyenera kuchita musanatsitse mtengo

Mmisiri aliyense amene amakhoma madenga amawadziwa mawu amenewa. Mwapima nyumba, mwawerengera malata ndi matabwa, mwalemba koteshoni yanu bwinobwino, kenako mwini nyumba ayang'ana nambala ya pansi penipeni, apukusa mutu n'kunena kuti, "Amisiri, apa mwadulitsa, tsitsaniko." Ambiri a ife timayankha pomwepo ndi nambala ina yotsikirapo, chifukwa timaopa kuti ntchitoyo ipita kwa mnzathu. Ine ndakhala ndikukhoma madenga kuzungulira Dedza boma, Bembeke mpaka ku Lizulu, ndipo zimene ndikulemba pano ndi ndondomeko imene ndimatsatira masiku ano ndikamva mawu amenewa. Ndifotokoza pogwiritsa ntchito denga limodzi, ndipo manambala ake ndi achitsanzo chabe, popeza mitengo ya malata ndi misomali imasintha mwezi ndi mwezi.

Choyamba, dziwani gawo lanu musanapite kukakambirana

Ntchito yoyankha kasitomala imayambira kunyumba kwanu, tsiku limene mukulemba koteshoni. Tiyeni titenge nyumba ya mamita 9 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi, ya denga la mbali ziwiri, imene mayi wina wolima mbatata ya kachewere anamanga cha ku Bembeke. Dengalo linkafuna malata 28 a mafiti 14, a geji 28, lililonse pa K38,000, kutanthauza K1,064,000. Matabwa onse anali a K520,000. Misomali, waya womangira denga kukhoma, malata a pamsonga ndi mankhwala a chiswe zinakwana K146,000, ndipo mayendedwe a katundu anali K70,000. Anyamata awiri ondithandiza, aliyense K7,000 patsiku kwa masiku 6, ankafunika K84,000. Ntchito ya manja anga ndinaiika pa K150,000, ndipo ndinawonjezera K116,000 ya phindu ndi kutha kwa zida monga macheka ndi mpeni wa pulena. Zonse pamodzi zinali K2,150,000.

Tsopano taonani chimene chimatipweteka ambiri. Pa K2,150,000 imeneyi, ndalama yolowa m'thumba mwanga inali K266,000 yokha, ndipo yotsalayo inali ya eni sitolo, ocheka matabwa, mwini galimoto ndi anyamata aja. Mayiwo atapempha kuti nditsitse kufika pa K1,900,000, kwa iwo zinkaoneka ngati pempho laling'ono, chifukwa K250,000 pa mamiliyoni awiri si ndalama yochititsa mantha. Koma wa sitolo satsitsa malata chifukwa chakuti inu mwamvera chisoni kasitomala wanu. K250,000 yonseyo ikanachoka pa gawo langa, n'kunditsalira K16,000 ya masiku 6 pamwamba pa denga. Ngakhale kungochotsa 10 peresenti, kumene anthu amakuona ngati ulemu wamba, kukanandisiyira K51,000.

Choncho musanatuluke m'nyumba, lembani pa pepala lina, losaonetsa kasitomala, manambala awiri: ndalama imene ili yanu pa mtengo wonse, ndi malire amene simungatsike kupyola pamenepo. Mmisiri amene sadziwa manambala awiriwa amavomera zinthu ali chiimire pabwalo, ndipo amazindikira kuti wagwira ntchito yaulere tsiku lolipira anyamata.

Chachiwiri, musatchule nambala ina iliyonse

Akangoti mwadulitsa, pakamwa pamafuna kuthamanga. Dekhani. Mukatsitsa K100,000 m'mphindi yoyamba, kasitomala samva kuti mwamukomera mtima ayi, koma amamva kuti munamuikira K100,000 yabodza, ndipo amayamba kufufuza kuti ina yabisala pati. Musakwiyenso kapena kuyamba kudzitama kuti ntchito yanu ilibe inzake, chifukwa kunenerera mtengo ndi khalidwe lathu. Munthu amene amanenerera tomato pa msika wa Lizulu sangalandire koteshoni ya mamiliyoni awiri osanenapo kanthu. Nthawi zina mawu akuti mwadulitsa amakhala chizolowezi basi, ndipo munthuyo ndalama ali nayo kale.

Chimene ndimanena ine n'chachifupi: "Zikomo mayi, ndamva. Ndi ndalama yambiri ndithu. Tiyeni tikhale pansi tione pamodzi pamene pakukuvutani." Mawu amenewa akuvomereza kuti ndalamayo ndi yolemera, koma sakuvomereza kuti mtengowo ndi wolakwika. Mukatero, khalani chete, muwasiye alankhule. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, funsani kuti mudziwe tanthauzo la kudula kwake

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, chifukwa mawu amodzi omwewa amabisa mavuto osiyana, ndipo vuto lililonse lili ndi yankho lake. Pali munthu amene walandira koteshoni ina yotsika kwa mmisiri wina. Pali amene mtengo akuuvomereza mumtima, koma ndalama imene ali nayo lero siyokwana. Pali amene akukumbukira mtengo umene mchimwene wake anakhomera denga zaka zitatu zapitazo. Pali amene sakukhulupirirani, akuganiza kuti mwachulukitsa malata kuti otsala mukagulitse. Ndiye palinso amene sali mwini ndalama, akungotumidwa ndi mwana wake amene ali ku Joni kapena ku Lilongwe, ndipo akufuna mawu oti akamuuze.

Mafunso awiri amakwanira kusiyanitsa anthu amenewa. Loyamba n'lakuti, "Kodi mukuyerekeza ndi mtengo wina umene mwapatsidwa, kapena ndi ndalama imene munakonza?" Lachiwiri n'lakuti, "Munakonzekera kufika pati?" Funso lachiwirili ena amaliopa poganiza kuti n'lamwano, koma likafunsidwa mofatsa, mutakhala pansi, anthu ambiri amayankha moona. Ngati pali wina amene akutumiza ndalama, pemphani kuti muyankhule naye pa foni kasitomala ali pomwepo, kapena mumutumizire chithunzi cha koteshoni pa WhatsApp, chifukwa kukambirana ndi munthu amene sangathe kuvomera n'kutaya nthawi, ndipo chimene mungatsitse kwa iye, mwini ndalama adzafunanso kuti mutsitse kachiwiri.

Mayi a ku Bembeke aja anali ndi mavuto awiri nthawi imodzi. Anali ndi K1,900,000 yochokera ku mbatata imene anagulitsa, ndipo mmisiri wina anawauza pakamwa kuti dengalo angakhome ndi K1,750,000. Ndikanangotsitsa osafunsa, sindikanadziwa chilichonse mwa ziwirizi.

Chachinayi, yalani koteshoni mzere ndi mzere

Nambala imodzi yaikulu imaopsa, koma mizere isanu ndi iwiri imakambika. Ndinatenga tepi n'kuzungulira nawo nyumba, kuwaonetsa kuti mbali iliyonse ya denga ikufuna malata 14 tikawerengera kupisana kwa malata ndi mbali ya denga yotuluka kunja kwa khoma kuti mvula isamenye njerwa. Ndinawauzanso kuti ali ndi ufulu wopita okha ku masitolo a pa boma kukafunsa mtengo wa lata la geji 28, kapena kukagula okha ine n'kungowaperekeza. Munthu amene amakukayikirani amafewa akaona kuti simukubisa kanthu, ndipo akawerenga yekha kuti K1,730,000 ndi ya zipangizo zokhazokha, amasiya kukuonani ngati mukufuna kulemera ndi denga lake.

Pa koteshoni ya mmisiri wina, samalani pakamwa. Musanene kuti mnzanuyo ndi wakuba kapena sadziwa ntchito, chifukwa mwina ndi mbale wa kasitomala wanu, komanso dera lathu ndi laling'ono, mawu amayenda. M'malo mwake apatseni mafunso oti akamufunse. Malata ake ndi a geji yanji? Matabwa apakidwa mankhwala a chiswe? Mathirasi ndi angati, ndipo atalikirana bwanji? Mayendedwe ali momwemo? Anthu ambiri sadziwa kuti nambala ya geji ikamakwera, lata limakhala likupyapyala, kotero kuti geji 32 ndi yopepuka kwambiri kuposa geji 28, ndipo ena amaganiza kuti 32 ndiye yolimba chifukwa nambala yake ndi yaikulu. Ndimakonda kukhala ndi tizidutswa tiwiri ta malata m'chikwama cha zida, ka geji 28 ndi ka geji 32, n'kumupatsa kasitomala kuti apinde ndi zala zake. Mayiwo anapinda ka 32 mosavuta, ka 28 kanawakanika, ndipo anangoti, "Kani ndi choncho." Atakafunsa, anapeza kuti K1,750,000 ija inali ya malata a geji 32, yopanda mankhwala a chiswe, ndipo galimoto ankayenera kulipira okha. Mitengo iwiriyo sinali ya denga lofanana.

Pamenepa ndiyenera kunena chilungamo china. Nthawi zina mukayala koteshoni mumapeza kuti mwalakwitsa ndinu, mwina mwawerengera matabwa ochuluka kapena mwatenga mtengo wa sitolo yodula pamene ina yapafupi ili ndi katundu yemweyo motchipa. Zikatero konzani poyera, muwaonetse mzere umene unalakwika. Kukonza cholakwika n'kosiyana ndi kutsitsa mtengo, chifukwa gawo lanu silikhudzidwa ndipo chifukwa chake chikuoneka.

Chachisanu, sinthani ntchito kuti igwirizane ndi ndalama

Ngati vuto ndi ndalama yochepa, lamulo limene ndimatsatira n'lakuti kwacha iliyonse imene ikuchoka pa mtengo ichoke pamodzi ndi chinthu china chimene kasitomala akuchiona. Ndi mayi aja tinayamba ndi mayendedwe. Anali ndi ngolo, ndipo matabwa ankachokera kwa ocheka apafupi, choncho anavomera kututa matabwa okha, ine n'kungolipira galimoto ya malata kuchokera pa boma. Pamenepo panachoka K45,000. Kenako tinaona matabwa a m'mphepete mwa denga, aja timati fisha bodi. Amakongoletsa nyumba ndi kuteteza nsonga za mitengo ya denga, koma denga likhoza kudikira miyezi ingapo popanda iwo ngati nsongazo zapakidwa mankhwala. Tinagwirizana kuti adzakhomedwe akakolola, ndipo matabwa ake pamodzi ndi ntchito yake zinachotsa K95,000. Chomaliza, mdzukulu wawo wina wamphamvu analowa m'malo mwa mmodzi wa anyamata anga, kupereka malata ndi matabwa kuchokera pansi, ndipo panachoka K42,000. Mtengo unafika pa K1,968,000.

Za wachibale wothandizayu ndikuchenjezeni. Muuzeni kasitomala kuti munthuyo azifika nthawi imene inu mwafika, ndipo tsiku limene sadzabwera mudzalemba waganyu pa ndalama ya kasitomalayo. Musamukweze pamwamba pa denga munthu amene sanazolowere. Mukapanda kunena zimenezi poyamba, mudzapezeka mukunyamula malata nokha pamene iye wapita kumsika, ntchito ya masiku 6 n'kukhala ya masiku 9.

Panalinso njira ina imene ndinawauza koma sindinawalimbikitse, yogula malata a geji 30 pa K31,000 lililonse, zimene zikanapulumutsa K196,000. Ndinawafotokozera kuti malatawo amagwira ntchito, nyumba zambiri zili nawo, koma amapindika msanga munthu akapondapo ndipo misomali imawang'amba mosavuta pakaomba mphepo yamphamvu. Nyumba yawo inali pamtunda poyera, ndipo mphepo ya kuno ku mapiri aliyense amaidziwa. Anasankha kukhalabe pa geji 28. Chofunika n'chakuti anasankha okha atamva zotsatira zake. Ngati kasitomala wasankha geji 30, lembani zimenezo pa koteshoni yatsopano kuti mawa pasadzakhale mlandu.

Pali zinthu zimene sindichotsa ngakhale kasitomala atapempha. Sindichepetsa mathirasi, sinditalikitsa matabwa opingasa okhomerapo malata, sindisiya waya womangira denga kukhoma, ndipo sindikhoma matabwa osapaka mankhwala a chiswe. Zinthu zimenezi sizioneka tsiku lopereka ntchito, n'chifukwa chake mmisiri amene wavomera mtengo wotsika amabwezera ndalama yake pamenepa mwakachetechete. Koma denga likasasuka mu Disembala, anthu sanena kuti mwini nyumba ananenerera kwambiri, amangofunsa kuti anakhoma ndani.

Chachisanu ndi chimodzi, kambiranani za nthawi yolipira

Panatsala K68,000 pakati pa K1,968,000 ndi ndalama imene mayiwo anali nayo. Apa sindinatsitse, koma ndinasuntha tsiku. Tinagwirizana kuti ndalama ya zipangizo iperekedwe yonse ntchito isanayambe, ya anyamata ndi theka la gawo langa iperekedwe mathirasi akaima, ina tsiku lomaliza, ndipo K68,000 idzabwere pakatha milungu 4 akagulitsa mbatata yotsala. Tinalemba pa pepala, mwana wawo wamkulu anasayina ngati mboni, ndipo tinagwirizana kuti adzatumize pa Mpamba kapena Airtel Money kuti uthenga ukhale umboni.

Ngongole yotere ikhale pa gawo lanu lokha ndipo ikhale yaing'ono moti itachedwa simungagone ndi njala. Musagule malata ndi ndalama yanu podalira lonjezo. Komanso koteshoni iliyonse ikhale ndi tsiku limene idzathere mphamvu. Ine ndinaphunzira movutikira. Mu 2023 ndinavomera ntchito ina nditatsitsa kale mtengo, osalemba malire a masiku, ndipo mwini wake anachedwa kubweretsa ndalama ya zipangizo. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, malata anakwera, iye n'kubwera ndi pepala langa lakale m'manja. Chifukwa cha manyazi ndinakhoma dengalo, ndipo ndalama ya anyamata ndinaitenga kunyumba. Kuyambira pamenepo ndimalemba pansi pa koteshoni kuti mitengo ya zipangizo ndi ya masiku 7, ndipo ikasintha ku sitolo isinthanso apa. Mzere umenewu umathandizanso pokambirana, chifukwa kasitomala amaona kuti kuchedwa kuli ndi mtengo wake, popanda inu kumuopseza.

Ngati mwaganiza zotsitsadi

Sindikunena kuti mmisiri asamatsitse konse. Pali nthawi imene kutsitsa pang'ono pa gawo lanu kuli ndi nzeru, monga m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene ntchito zomanga zimachepa, kapena pamene kasitomala akukupatsani nyumba ziwiri zoyandikana moti zida simuzinyamula kawiri, kapena pamene akulipira gawo lanu lonse nthawi imodzi. Koma kutsitsako kubwere kumapeto, kamodzi kokha, ndipo mutchule chimene mukulandira posinthana nacho: "Mukandipatsanso denga la khitchini, ndichotsa K30,000." Mukatsitsa kawiri kapena katatu pang'onopang'ono, mukumuphunzitsa kuti akangopukusanso mutu china chigwa. Lonjezo lakuti adzakupezerani makasitomala ena musaliwerengere ngati malipiro, chifukwa amene adzabwerewo adzakhala atamva kale mtengo wotsikawo ndipo adzayambira pamenepo kunenerera.

Kwa achibale ndi anthu a mpingo umodzi nkhani imavutirapo, pakuti kukana kumaoneka ngati nkhanza. Chimene ndimachita n'kulemba mtengo weniweni pa pepala, kenako m'munsi mwake ndalama imene ndachotsa monga thandizo langa kwa iwo. Ndikatero amadziwa kuti alandira mphatso, ndipo akamauza anzawo amatchula mtengo weniweni.

Pamene palibe mgwirizano

Mukayesa zonsezi ndipo ndalama ya kasitomala ikadali pansi pa malire anu, siyani ntchitoyo mwaulemu. Ine ndimati, "Bambo, pa ndalama imeneyi sindingathe kukupatsani denga limene ndingaliyikire kumbuyo. Koteshoni khalani nayo, ndipo mafunso aja mukawafunse kwa aliyense amene mungamulembe." Musachoke mokwiya, ndipo musaimbe foni madzulo omwewo n'kunena kuti mwaganizanso, chifukwa pamenepo zonse zimene munafotokoza masana zimasanduka zabodza. Dikirani masiku atatu kapena anayi, kenako funsani kamodzi ngati aganizapo chiyani, muwakumbutse tsiku limene koteshoni ithere mphamvu ndi sabata imene muli ndi mpata mvula isanayambe. Akapanda kuyankha, sabata imeneyo ipatseni munthu wina.

Mayi a ku Bembeke aja sitinafike nawo pamenepo. Denga tinakhoma m'masiku 7, osati 6, chifukwa ngolo inachedwa ndi matabwa tsiku loyamba, ndipo tsiku lowonjezeralo ndinalipira mnyamata wanga K7,000 kuchokera m'thumba mwanga popeza sitinalembe za kuchedwa kwa ngolo. K68,000 inabwera patatha milungu 5. Fisha bodi ndinakakhoma mu Meyi, pa mtengo wa matabwa wa mwezi umenewo.